Mafunso ndi mayankho: shifiti iliyonse pashopu ikufunika anthu angati?

Mafunso awa ndi amene anzanga a mashopu amandifunsa kawirikawiri, ena pa Nchalo pano, ena ku Ngabu ndi ku Bangula. Ndawayankha potengera shopu imodzi yachitsanzo: golosale yogulitsa zinthu pakauntala, yotsegula 6 koloko m'mawa n'kutseka 7 koloko madzulo, yokhala ndi makasitomala a shuga wa paketi imodzi komanso opikula katundu wa m'maokala akumudzi. Manambala ake ndi ongophunzirirapo masamu. Inu mudzaikamo anu.

Ndimadziwa kale kuti patsiku pamabwera anthu angati. Kodi sizokwanira?

Ayi, ndipo ambiri timagwera pamenepa. Chiwerengero cha tsiku lonse chimabisa nthawi imene anthuwo amabwerera. Tiyerekeze kuti shopu yathu imalandira makasitomala 310 patsiku, pa maola 13. Mukagawa mupeza anthu pafupifupi 24 pa ola, ndipo mungati awiri pakauntala akukwana kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Koma kuno kuchigwa palibe amene amayenda mofanana tsiku lonse. Anthu amagula m'mawa dzuwa lisanakwiye. Ikakwana 12 koloko mu Okutobala, phula la msewu wa M1 likuchita kunyezimira, akabaza abisala pansi pa mitengo ya nimu, m'shopu mumangomveka firiji. Kenako cha m'ma 4 koloko mpaka dzuwa kulowa, oweruka kuntchito, amayi ofuna mafuta ophikira ndi ana otumidwa machesi amafika nthawi imodzi.

Ndiye muyenera kuwerenga pa ola. Tengani kope, jambulani mizere 13, mzere umodzi ola limodzi, ndipo wapakauntala azilemba kamzere kasitomala aliyense akafika. Ngati muli ndi makina otulutsa malisiti, nthawi imalembedwa kale pa lisiti, ingowerengani madzulo. Chitani zimenezi milungu inayi yathunthu, kuti mugwiremo masiku a msika, Loweruka, Lamulungu ndi kutha kwa mwezi. Shopu yachitsanzo chathu, tsiku wamba la mkati mwa mwezi, yaoneka chonchi:

| Ola | Makasitomala | Ofunika pakauntala |
|---|---|---|
| 6–7 | 20 | 2 |
| 7–8 | 30 | 2 |
| 8–9 | 32 | 2 |
| 9–10 | 28 | 2 |
| 10–11 | 18 | 2 |
| 11–12 | 14 | 1 |
| 12–1 | 12 | 1 |
| 1–2 | 10 | 1 |
| 2–3 | 12 | 1 |
| 3–4 | 22 | 2 |
| 4–5 | 38 | 3 |
| 5–6 | 46 | 3 |
| 6–7 | 28 | 2 |

Anthu 310 omwe aja, koma ola lina 10, ola lina 46.

Nanga manambala a kumanjawo mwawapeza bwanji?

Pafunika nambala ina imodzi: mphindi zimene kasitomala mmodzi amatha pakauntala. Musaganizire m'mutu, chifukwa mutu umakumbukira wogula machesi yekha. Imani chapatali ndi foni, yesani makasitomala 50 kapena kuposa, kuyambira pamene wogulitsa wati "tikuthandizeni" mpaka pamene wapereka chenji n'kutembenukira kwa wina. Musawauze anyamata kuti mukuwayesa, angayambe kuthamanga ngati kuli mpikisano.

Mupeza kuti makasitomala ali m'magulu. Pa khumi alionse a shopu yathu, asanu ndi awiri ndi a tinthu tiwiri kapena titatu, mphindi 2 aliyense. Awiri amalipira pafoni, ndipo podikira uthenga wa ndalama zimakwana mphindi 3. Mmodzi ndi wa oda: belo la shuga, katoni ya sopo, mabisiketi, mchere, zonse ziwerengedwe, zituluke, zimangidwe panjinga, mphindi 10. Kuphatikiza 14, 6 ndi 10 tipeza mphindi 30 pa anthu khumi, kutanthauza mphindi 3 munthu mmodzi.

Tsopano chulukitsani makasitomala a ola lililonse ndi mphindi 3. Pakati pa 5 ndi 6 koloko, anthu 46 akufuna mphindi 138 za ntchito. Ogulitsa awiri ali ndi mphindi 120 zokha mu olalo, ngakhale asamwe madzi kapena kupita kuseri. Mphindi 18 zotsalazo ndi anthu asanu ndi mmodzi amene adakali pamzere 6 koloko ikukwana, kapena amene apita kale kwa neba wanu.

Pogawa musagawe ndi 60 ayi, gawani ndi 48. Ndiye 138 kugawa ndi 48 ndi 2.9, ndipo munthu sadulidwa pakati, choncho ndi atatu. Mwachidule, ngati kasitomala amatha mphindi 3, wogulitsa mmodzi muzimuwerengera anthu 16 pa ola. Amene amagwiritsa ntchito Excel, makasitomala ali mu B2 ndipo mphindi zili mu C2, alembe:

```
=ROUNDUP(B2*C2/48,0)
```

Chifukwa chiyani 48? Ndimalipira ola lonse, osati mphindi 48.

Funso ili limabwera ndi ukali pang'ono, ndipo ndimamvetsa. Kuona mnyamata amene mukumulipira atatsamira kauntala kumapweteka mtima. Koma makasitomala sabwera motsatana bwinobwino ngati ana a sukulu pamzere wa phala. Minibasi yochokera ku Blantyre ikaima, asanu amalowa limodzi, kenako mphindi zisanu ndi ziwiri palibe aliyense. Mphindi zopanda munthuzo simungazisunge m'thumba kuti mudzazigwiritse ntchito gulu likafika. Zapita basi. Chimene chimachepetsa mzere ndi mpata umene wogulitsa ali nawo woti amalize gulu lina linzake lisanafike.

Masamu a mizere anayambidwa ndi Agner Erlang wa ku Denmark, amene ankagwira ntchito kukampani ya matelefoni ku Copenhagen ndipo analemba za nkhaniyi mu 1909 ndi 1917. Masamuwo amasonyeza chinthu chimene aliyense woima pamzere wa kubanki amachidziwa. Ngati wogulitsa ali yekha, anthu akufika mosatsata ndondomeko, ndipo aliyense amatha pafupifupi mphindi 3, kudikira kumayenda motere: akakhala wotanganidwa theka la ola, kasitomala amadikira mphindi 3. Akatanganidwa mphindi 48 pa ola, kudikira kumafika mphindi 12. Akatanganidwa mphindi 54, kumafika 27. Mwaonjeza ntchito ya mphindi 6 zokha, koma mzere watalika kuposa kawiri.

Mphindi 48 ndi malire, ndipo amagwira bwino ogulitsa akakhala awiri kapena kuposa, akutenga anthu pamzere umodzi. Awiri otanganidwa mphindi 48 aliyense, monga pa 8 mpaka 9 koloko m'chitsanzo chathu, amadikiritsa munthu mphindi zopitirira pang'ono zisanu. Mutaika wachitatu pa makasitomala 32 omwewo, kudikira sikukwana n'komwe mphindi imodzi. Koma munthu akakhala yekha musamufikitse pa 16. Anthu 14 a ola la 11 akudikira kale mphindi 7 aliyense. N'chifukwa chake pamene tebulo lalemba 1, tanthauzo lake ndi lakuti mmodzi ali pakauntala, wina ali pafupi akupanga zina, ndipo mzere ukangofika anthu atatu amaitanidwa.

Mzere ukhale umodzi. Mizere iwiri yosiyana imachititsa kuti wina aime kumbuyo kwa wa oda mphindi khumi pamene wogulitsa winayo akuyasamula.

Ntchito ya m'shopu si kugulitsa kokha. Zinazo zilowa pati?

Zilembeni padera, ndi maola ake. Kusesa ndi kupukuta fumbi, kudzaza mashelefu, kupima mpunga ndi nyemba m'timapepala, kulandira katundu, kuika zakumwa mufiriji, kuwerenga ndalama. M'shopu yathu zonsezi zimatenga maola 6 patsiku. Mukaphatikiza manambala a kumanja kwa tebulo mupeza maola 24 apakauntala. Pamodzi ndi 30. Munthu mmodzi akamagwira maola 8, anthu anayi apereka maola 32, ndiye tsiku wamba likufuna anthu anayi.

Ubwino wa ntchito zakuseri ndi wakuti mumazisankhira nthawi, pamene kasitomala simungamusankhire. Ziikeni masana, kuyambira 10 mpaka 3 koloko. Chimene chimasokoneza ndi lole ya katundu. Yochokera ku Limbe ikatsika Thabwa mochedwa n'kufika 5 koloko, imakutengerani anthu awiri pa ola limene mumafuna atatu pakauntala. Ine ndinaphunzira mowawa: tsiku lina tonse tinali kunja kutsitsa matumba a ufa, mkati mwatsala mtsikana mmodzi ndi anthu odzaza mpaka pakhomo, ndipo madzulo powerenga tinapeza kuti katoni ya mafuta odzola yatuluka yokha. Kuchokera pamenepo ndimapangana ndi operekera katundu kuti azifika isanakwane 2 koloko, ndipo akachedwa ndimaitana aganyu otsitsa, wapakauntala osasuntha.

Anthu anayiwo ndiwagawe bwanji? Awiri m'mawa, awiri madzulo?

Yesani muone. Awiri alowe 6 koloko aweruke 3, ndi ola limodzi la nkhomaliro. Awiri alowe 10 aweruke 7. Masana muli ndi anthu anayi pa makasitomala 10, pamene 5 koloko muli ndi awiri pa makasitomala 46. Anthu akukwana, malipiro mukulipira onse, koma mzere uli pomwepo. Kagawidwe kooneka kachilungamo aka ndi kamene ndimakapeza m'mashopu ambiri.

Sinthani munthu mmodzi yekha. Woyamba alowe 6 aweruke 3. Wachiwiri alowe 6, apite kunyumba 11, abwerenso 3 mpaka 6 koloko, maola ake ndi 8 omwewo. Wachitatu ndi wachinayi alowe 10 aweruke 7. Tsopano kuyambira 6 mpaka 10 muli awiri. Kuyambira 11 mpaka 3 muli atatu, ndipo amadya mosinthana: woyamba 11 koloko, wachitatu 1 koloko, wachinayi 2 koloko. Kuyambira 3 mpaka 6 muli atatu, ola lomaliza awiri. Maola onse a tebulo akwaniritsidwa, ndipo patsala maola 8 a ntchito zakuseri pamene timafuna 6. Ngati kuwerenga ndalama kumatenga theka la ola mutatseka, mmodzi wa omalizawo alowe hafu pasiti 10 kuti aweruke hafu pasiti 7, musamubere nthawiyo.

Ndondomekoyi ili ndi pofooka pake ndipo ndisabise. Kuyambira 6 mpaka 10 kulibe wapadera. Mmodzi akachedwa, kapena wa oda wamkulu akafika 8 koloko, zinthu zimathina. Pamenepo m'pamene mwini shopu ayenera kukhala pafupi, osati masana pamene aliyense ali ndi mpata.

Shifiti yoduka pakati si ya aliyense. Imayenera munthu wokhala pafupi ndi shopu. Wochokera kutali panjinga sangapalase kawiri padzuwa la masana, ndiye amangokhala pakhonde kudikira 3 koloko, tsiku lake lonse latha koma malipiro ndi a maola 8. Kambiranani, mulembe m'pangano la ntchito, ndipo ngati n'kotheka azisinthana mlungu ndi mlungu.

Ndiye ndilembe anthu anayi?

Ayi, asanu. Anayi ndi malo ofunika kudzazidwa tsiku lililonse, osati anthu a m'buku la malipiro. Lamulo la za ntchito la dziko lino, la m'chaka cha 2000, limati maola wamba asapitirire 48 pamlungu, ndipo wogwira masiku asanu ndi limodzi asapitirire maola 8 patsiku. Munthu sayenera kugwira masiku oposa asanu ndi limodzi otsatizana osapumula tsiku lathunthu. Wogwira masiku asanu ndi limodzi pamlungu alinso ndi masiku 18 a tchuthi cholipidwa pachaka.

Tiwerenge. Lolemba mpaka Loweruka ndi mashifiti anayi patsiku, onse 24. Lamulungu shopu yathu imatsegula maola ochepa ndi anthu awiri, ndiye pamlungu ndi 26, pachaka 1,352. Munthu mmodzi, masiku asanu ndi limodzi kwa milungu 52, ali ndi masiku 312. Chotsani 18 a tchuthi. Chotsaninso ena amene mukudziwa kuti adzapita ndithu, malungo, maliro, mwana kuchipatala, tinene 14. Atsala 280. Mukagawa 1,352 ndi 280 mupeza 4.8. Ndi anthu asanu, ndipo chotsala ndi mashifiti 48 okha chaka chonse, amene kutha kwa mwezi kudzawameza.

Amene amakakamira anayi amalipirabe wachisanuyo mwanjira ina. Ovataimu ya tsiku wamba lamulo limati ndi malipiro a ola ndi theka lake, ndipo kugwiritsa munthu ntchito tsiku lake lopuma kapena pa holide ya boma ndi kawiri. Apo ayi amalipira ndi chenji cholakwika cha munthu wotopa.

Kutha kwa mwezi zonsezi zimasokonekera. Ndichite bwanji?

Musakhale ndi tebulo limodzi. Khalani ndi atatu kapena anayi: la tsiku wamba, la tsiku la msika, la masiku a malipiro, ndi la Lamulungu. Pa Nchalo aliyense amadziwa mmene tauni imasinthira ogwira ntchito ku Illovo akalandira, makamaka nyengo yodula nzimbe pamene antchito amachuluka. Ku Ngabu ndi madera ozungulira, ndalama za thonje ndi za ng'ombe zili ndi nyengo yake. Kope lanu la miyezi yapita likuuzani kuti tsiku lotere limaposa tsiku wamba kangati. Yerekezani Lachisanu ndi Lachisanu linzake, osati ndi Lachiwiri.

Tinene kuti tsiku la malipiro pamabwera 465 m'malo mwa 310. Ndi kamodzi ndi theka. Ola la 5 koloko likhala ndi anthu 69. Koma apa pali msampha: tsiku limeneli anthu sachuluka kokha, amagulanso zambiri. Amene masiku onse amagula sopo mmodzi lero akufuna shuga, mafuta a malita awiri, mpunga, ndiponso kubweza ngongole ya m'kope, ndiye mufufuze tsamba lake. Mphindi 3 zija zimasanduka 4. Anthu 69 kuchulukitsa ndi 4 ndi mphindi 276, kugawa ndi 48 ndi 5.75. Anthu asanu ndi mmodzi, pamene tsiku wamba ndi atatu. Makasitomala akwera ndi theka, koma ogulitsa ofunika awirikiza.

Pamenepa masamu amakumana ndi khoma lenileni. Kauntala yathu imakwana anthu anayi, ndipo kabati ya ndalama ndi imodzi. Kuthira anthu asanu ndi mmodzi kuseri kwake n'kungopondana. Chimene chimathandiza ndi kugawa ntchitoyo: awiri azilandira ndalama, atatu azitenga katundu m'mashelefu, mmodzi atengere a oda onse kukhomo la kumbali ndi buku lake la malisiti. Dzulo lake pimiranitu mpunga ndi nyemba, konzani ndalama zing'onozing'ono za chenji, ndipo masiku amenewa pasakhale wopita kutchuthi. Pa asanu anu onjezani waganyu mmodzi wodziwika, wa maola anayi a madzulo, azinyamula ndi kulongedza, asagwire ndalama.

Munthu woonjezera pa maola awiri okha, kodi amadzilipira?

Werengani ndi ndalama zanu. Mwezi wa maola 48 pamlungu uli ndi maola 208. Tiyerekeze kuti mumalipira K150,000 pamwezi: ola limodzi ndi pafupifupi K720. Tiyerekezenso kuti kasitomala mmodzi amakusiyirani phindu la K600, phindu osati zogulitsa. Ngati kusowa kwa munthuyo kukubweza makasitomala awiri pa ola, mwataya K1,200 pofuna kupulumutsa K720. Ngati sikubweza aliyense, monga 1 koloko masana, munthuyo ndi woluza. Yankho limasintha ola ndi ola, ndipo n'chifukwa chake funso loti "ndilembe wina kapena ayi" ndimalibweza ndi funso loti "wa nthawi yanji?"

Vuto ndi lakuti obwerera salembedwa paliponse. Lisiti ndi ya amene wagula. Amene wasuzumira pakhomo, waona mzere, n'kuti "ndibweranso" sasiya chizindikiro, ndipo kawirikawiri sabweranso tsiku limenelo. Choncho malisiti a ola lothinana amakunamizani: amasonyeza zimene anyamata anu anakwanitsa, osati anthu amene anabwera. Mukaona kuti ola la 5 koloko limatulutsa malisiti 40 tsiku lililonse, osakwera osatsika, pamene maola ena amasinthasintha, dziwani kuti 40 ndi malire a manja a anthu awiri pa mphindi 3. Khalani pakhonde masiku atatu nthawi imeneyo, muwerenge olowa ndi obwerera, muwaonjeze pa tebulo.

Ndidziwa bwanji kuti masamu anga aphonya, ndipo ndiwabwereze liti?

Shopu imanena yokha. Ngati mzere ukupitirira anthu anayi pa wogulitsa mmodzi nthawi yomweyomweyo tsiku ndi tsiku, ola limenelo laperewera. Ngati nkhomaliro ikudyedwa 4 koloko choimirira, kapena mashelefu akugona opanda kanthu katundu ali m'sitolo yakuseri, ndiye kuti maola a ntchito zakuseri akudyedwa ndi kauntala. Kuperewera kwa ndalama m'kabati kukamachitika masiku othinana okha, musathamangire kunena kuti pali wakuba, yambani mwaona ngati munthuyo sanali kutumikira anthu 25 pa ola. Mbali inayo, ngati awiri atha ola lathunthu akuseweretsa mafoni ndipo zakuseri zonse zatha, sunthani shifiti imodzi, musachotse munthu musanayese kusuntha.

Mphindi zapakauntala nazo zimasintha. Wogulitsa watsopano, amene sanaloweze mitengo ndi malo a katundu, mumuwerengere ngati theka la munthu milungu iwiri yoyamba. Mitengo ikasintha, kasitomala aliyense amafunsa kawiri n'kubweza china. Netiweki ikavuta, wolipira pafoni amaima mphindi zisanu akuyang'ana foni, ndipo njira yake ndi kumuimika pambali n'kutumikira wotsatira.

Kuwerenga kwa pa ola kubwerezeni katatu pachaka, chifukwa chigwa chino chili ndi nyengo zosiyana kwambiri: miyezi yotentha ya Okutobala ndi Novembala pamene masana amafa ndipo madzulo amatalika, miyezi ya mvula ndi njala kuyambira Januwale mpaka Malichi pamene anthu amabwera ndi ndalama zochepa n'kugula pang'onopang'ono, ndi miyezi yokolola ndi kugulitsa. Tebulo la mu Juni silingakuthandizeni mu Febuluwale.

Masiku a madzi osefukira musawaphatikize ndi ena popeza chiwerengero cha tsiku wamba. Namondwe Ana mu Januwale 2022 ndi Freddy mu Malichi 2023 anadula misewu ndi magetsi kuno, ndipo masiku otero makasitomala amatha kusowa lero n'kudzaza mawa kufuna makandulo, mchere ndi ufa. Alembeni pa tsamba lawolawo. Chofunika kudziwa pa tsamba limenelo ndi china: mwa anthu anu asanu, ndi angati amene angafike kuntchito wapansi mtsinje wa Mwanza kapena Shire ukadzaza. Ngati awiri amakhala tsidya, miyezi ya mvula musawaike onse pa shifiti ya 6 koloko m'mawa.